Makina akalemba 0.97, munthu ayang'anenso kapena ayi? Kasankhidwe ka timabokosi toti kalaliki aone pa malisiti

Nyengo yogula soya ndi chimanga ikafika, foni yanga imalira ndi funso limodzimodzi. Wina ali ku Ulongwe, wina ku Domwe, wina ku Tsangano, koma mawu ake sasintha: "Achimwene, tidule pa zingati, pa 80 kapena pa 90?" Ndayankha mpaka pakamwa kuuma, ndiye ndaganiza zolemba kamodzi kuti wofunsanso ndizingomutumizira.

Kwa amene simunayambe ntchitoyi, nkhani ili motere. Gulu la alimi likamagula mbewu, kalaliki wa pasikelo amalemba lisiti pamanja, imene kuno ambiri timaitcha resibu. Madzulo malisitiwo amajambulidwa pa foni, ndipo pulogalamu imawerenga chithunzi n'kutulutsa zimene zili m'kabokosi kalikonse: dzina la mlimi, nambala ya foni, makilo, mtengo wa kilo, ndalama zonse ndi deti. Pambali pa kabokosi kalikonse imaika nambala yosonyeza mmene ikudzidalira pa zimene yawerengazo. Pa kompyuta imalembedwa kuti `confidence` kapena `conf`. Ine ndiziitcha malikisi. Nambala imene mumasankha kuti "zochepera apa munthu aone, zoposa apa zidutse" ndiziitcha malire.

Yankho lalifupi ndi lakuti malire abwino sali m'mutu mwanga, ndipo sali m'buku la pulogalamu. Ali m'malisiti anu omwewo, ndipo mumawapeza powerenga zolakwa. Nazi njira zake.

1. Dziwani kaye kuti malikisi anu amayenda bwanji

Mapulogalamu sapereka malikisi mofanana. Tesseract ndi Amazon Textract amapereka kuyambira 0 mpaka 100, pamene Azure Document Intelligence ndi Google Document AI amapereka kuyambira 0 mpaka 1. Zikuoneka zazing'ono, koma ndinapezapo mnyamata wina ataika malire pa 0.9 pamene pulogalamu yake imapereka mpaka 100. Kabokosi kopeza 12 kankadutsa ngati kabwino, chifukwa 12 ndi wamkulu kuposa 0.9. Kwa sabata yathunthu palibe lisiti imene inapita kwa munthu, iye n'kumanyadira kuti makina ake salakwitsa.

Ngati mumagwiritsa ntchito Tesseract, malikisi mumawaona mukalamula kuti itulutse tebulo:

```
tesseract resibu.jpg saida -l por tsv
```

Mu fayilo ya `saida.tsv` muli mzere wotsika wa `conf`. Mukaona `-1`, sikuti yalephera kuwerenga ayi. Umenewo ndi mzere wofotokoza tsamba, ndime kapena mzere wonse, osati liwu, choncho muuchotse musanawerengere kalikonse. Dziwaninso kuti Tesseract inapangidwira zolemba zosindikiza. Pa zolemba zamanja imavutika kwambiri, moti ngati malisiti anu ndi a cholembera, gwiritsani ntchito pulogalamu imene imawerenga zamanja.

Kabokosi kakakhala ndi mawu angapo, monga nambala ya foni yolembedwa m'magulu atatu, gulu lililonse limatha kukhala ndi malikisi akeake. Tengani otsikitsitsa, musaphatikize n'kugawa. Magulu opeza 0.99, 0.99 ndi 0.55 mukawaphatikiza n'kugawa patatu amapereka 0.84, nambala yooneka bwinoko, pamene gulu limodzilo ndi lokwanira kutumiza ndalama kwa munthu wachilendo.

Chinanso: ena masiku ano amapereka chithunzi kwa mapulogalamu ocheza nawo aja n'kuwauza kuti alembenso mmene akudzidalira. Nambala yotuluka pamenepo ndi mawu chabe amene pulogalamu yalemba pofuna kuyankha, ndipo kawirikawiri imangozungulira pa 0.9 ndi 0.95, kaya yalondola kaya yaphonya. Musaikhulupirire musanaiyese monga ndifotokozere pa nambala 4.

2. Sanjani timabokosi molingana ndi ululu wa kulakwa kwake

Malire amodzi a lisiti yonse ndiye kulakwa kofala kuposa konse. Khalani pansi ndi msungichuma, mutenge kabokosi kamodzikamodzi n'kufunsa kuti: aka kakalakwika osaoneka, chichitike n'chiyani, ndipo alire ndani?

Dzina la mudzi likalakwika chilembo chimodzi, palibe amene agone ndi njala. Makilo akalakwika, mlimi walandidwa thukuta lake kapena gulu lalipira mbewu imene kulibe. Nambala ya foni ikalakwika, ndalama ya M-Pesa kapena e-Mola yapita kwa munthu amene simumudziwa, ndipo kuibweza ndi mlandu wa masiku. Choncho pa lisiti imodzi yomweyo, mudzi ukhoza kudutsa ndi malikisi otsika, makilo n'kufuna malikisi okwera, ndipo nambala ya foni yatsopano n'kumaonedwa ndi munthu nthawi zonse, ngakhale makina atalumbira.

3. Ikani malamulo a masamu patsogolo pa malikisi

Malikisi amangonena za maonekedwe a zilembo pa chithunzi. Sadziwa ngati zimene zawerengedwazo zili ndi nzeru. Pali zolakwa zina zimene zimabwera ndi malikisi okwera kwambiri, ndipo zimenezi amazigwira ndi malamulo osavuta.

Lamulo lamphamvu kuposa onse pa lisiti yogulira mbewu ndi lakuti makilo kuchulukitsa ndi mtengo zifanane ndi ndalama zonse zimene kalaliki analemba. Makina akawerenga makilo 170, mtengo 30 MT, koma ndalama zonse 3300 MT, china chake chalakwika, chifukwa 170 kuchulukitsa ndi 30 ndi 5100. Makilo enieni anali 110. Lisiti yotere ipite kwa munthu ngakhale timabokosi tonse titatu tili ndi 0.99.

Chitsanzo cha 170 ndi 110 sindinachitole m'malere. Kuno ku Angoniya tili ndi manja awiri a kalembedwe. Amene anaphunzira m'sukulu za Chipwitikizi amalemba 1 wokhala ndi kamchira kakatali kokwera kumanzere, ndipo 7 amamudula ndi kamzere pakati kuti asiyane. Amene anaphunzirako tsidya lina, ku Dedza kapena ku Ntcheu, amalemba 1 ngati kandodo koongoka, 7 n'kumusiya wosadula. Ndiye 1 wa kalaliki wina amafanana ndendende ndi 7 wa kalaliki mnzake, ndipo makina amatha kusankha molakwika ali ndi chidaliro chonse.

Malamulo ena ndi a kutalika ndi chiyambi cha nambala. Nambala ya foni ya m'manja ku Mozambiki ili ndi manambala 9 ndipo imayamba ndi 82 kapena 83 pa Tmcel, 84 kapena 85 pa Vodacom, 86 kapena 87 pa Movitel. NUIT, nambala ya msonkho ija, ilinso ndi manambala 9. Deti lisakhale la mawa, ndipo lisakhale la chaka chatha ngati buku la malisiti ndi la chaka chino. Koma chenjerani: nambala ya foni ilibe nambala yodzitsimikizira yokha. Ikhoza kukhala ndi manambala 9, kuyamba ndi 86, n'kukhalabe ya munthu wina. Chimene chingaitsimikize ndi kaundula wa mamembala. Ikafanana ndi imene mlimi wa dzina lomwelo analembetsa kale, idutse. Ikapanda kufanana, munthu aone.

Palinso msampha wa dontho ndi mpatuliro. M'Chipwitikizi timalemba 1.250,50 kutanthauza chikwi chimodzi ndi mazana awiri ndi makumi asanu ndi theka, pamene m'Chingerezi amalemba 1,250.50. Makina akhoza kuwerenga "1.250" molondola ndithu, n'kupereka 0.99 moyenerera, koma posandutsa zilembozo kukhala nambala, pulogalamu yokonzedwa m'Chingerezi n'kusunga 1.25. Mlimi wobweretsa matumba 25 a makilo 50 amasanduka wobweretsa kambale kamodzi. Palibe malire a malikisi amene angagwire zimenezi, chifukwa kuwerenga sikunalakwike. Ikani lamulo la makilo ochepetsetsa ndi ochulukitsitsa amene munthu mmodzi amabweretsa pamalo panupo. Madeti nawonso ali ndi vuto lomweli: 03/04 kwathu ndi pa 3 Epulo, koma pulogalamu yotsata kalembedwe ka ku Amereka imati pa 4 Malichi.

Pomaliza, kabokosi kamene makina sanapezemo kanthu nthawi zambiri kamabwera kopanda malikisi. Mu SQL, chinenero chofufuzira m'matebulo a pa kompyuta, funso ili limadumpha mizere yonse yopanda malikisi ngati simulembamo mbali yachiwiriyo:

```
SELECT * FROM recibos
WHERE conf_peso < 0.95 OR conf_peso IS NULL;
```

Kabokosi kofunika kakakhala kopanda kanthu, kapite kwa munthu basi.

4. Yesani malikisi pa malisiti anu (apa ndiye pagona ntchito)

Malangizo ambiri amangoti "sankhani malire oyenera" n'kupitirira, ngati malirewo amagulitsidwa pamsika. Vuto ndi lakuti 0.90 satanthauza kuti pa timabokosi 100 totere, 90 ndi tolondola. Pulogalamu inaphunzitsidwa pa mapepala a kwina, osati pa makope a kaboni ojambulidwa madzulo ndi tochi ya foni pamwamba pa thumba la soya. Pa malisiti anu, 0.90 akhoza kutanthauza 98 pa 100, akhozanso kutanthauza 80 pa 100. Simungadziwe popanda kuwerenga.

Yambani ndi kusankha malisiti oyesera, osachepera 300 kapena 400. Musatole okongola okhaokha, ndipo musatenge a tsiku limodzi. Mukhale a makalaliki onse, a malo onse ogulira, oyambirira ndi a kaboni, ojambulidwa masana ndi ojambulidwa usiku, mofanana ndi mmene amabwerera tsiku ndi tsiku. Njira yosavuta ndi kutenga lisiti yachikhumi iliyonse pa mulu wa milungu iwiri, osayang'ana nkhope yake.

Kenako munthu alembe zoona zake za kabokosi kalikonse kuchokera pa pepala. Chofunika apa n'chakuti wolembayo asaone zimene makina anatulutsa. Ndinaphunzira izi movutika. Ulendo woyamba ndinapatsa mayi wina wa mu ofesi tebulo lodzaza kale kuti azingokonza polakwika. Anapeza zolakwa zochepa kwambiri, ine n'kusangalala. Patapita masiku tinabwereza malisiti omwewo ndi tebulo lopanda kanthu, ndipo zolakwa zinatuluka zambiri. Nditawafunsa anandiyankha mosabisa: "Bambo, diso likaona kale 170 pa kompyuta, likapita pa pepala limakapezanso 170." Ananena zoona. Ngati n'kotheka alembe anthu awiri payekhapayekha, ndipo pamene asiyana mukaone buku lotsala pasikelo.

Gwirizanani msanga kuti kulakwa n'chiyani. Pa manambala n'zosavuta: nambala imodzi ikasiyana, kabokosi konse kalakwa. Pa mayina m'pamene pamabuka mkangano, chifukwa munthu mmodzi yemweyo pa chitupa chake analembedwa Muale mwa Chipwitikizi, pa lisiti n'kulembedwa Mwale. Ine ndimati ngati makina alemba zimene zili pa pepala, sanalakwe. Kugwirizanitsa Muale ndi Mwale ndi ntchito ya kaundula, osati ya malikisi.

Mukatero, ikani mzere wotsika wolemba 1 pamene makina analakwa ndi 0 pamene analondola, n'kugawa timabokosi m'magulu molingana ndi malikisi. Mu Excel ya Chingerezi, malikisi ali mu F ndipo zolakwa zili mu G, kuwerenga kwake ndi uku:

```
=COUNTIFS(F:F,">=0.9",F:F,"<0.95")
=COUNTIFS(F:F,">=0.9",F:F,"<0.95",G:G,1)
```

Woyambawo ukupereka kuchuluka kwa timabokosi m'gululo, wachiwiri ukupereka tolakwika mwa timeneto.

Tiyerekeze kuti mwayesa kabokosi ka makilo pa malisiti 400, ndipo zatuluka motere. Manambalawa ndi ongophunzirira, musawakopere ngati anu.

- Malikisi 0.98 kupita m'mwamba: timabokosi 210, tolakwika 0
- Kuyambira 0.95 osafika 0.98: timabokosi 90, kolakwika 1
- Kuyambira 0.90 osafika 0.95: timabokosi 48, tolakwika 3
- Kuyambira 0.80 osafika 0.90: timabokosi 30, tolakwika 6
- Osafika 0.80: timabokosi 22, tolakwika 11

Musanaganize za malire, yang'anani ngati zolakwa zikuchuluka pamene malikisi akutsika. Apa zikutero: pansi penipeni theka lonse ndi lolakwika, pamwamba palibe. Ndiye kuti malikisiwa ndi othandiza, akusiyanitsa mbewu ndi mankhusu. Mukapeza kuti zolakwa zamwazikana mofanana m'magulu onse, kapena kuti pafupifupi timabokosi tonse taunjikana pa 0.95, imani pomwepo. Malikisi otero sakuuzani kanthu, ndipo malire alionse amene mungaike ndi ofanana ndi kuponya ndalama m'mwamba. Pamenepo dalirani malamulo a pa nambala 3 ndi maso a munthu.

Onaninso gulu la 0.80 mpaka 0.90. Munthu wosayesa akanati awa ndi malikisi abwino, mwana wopeza 85 kusukulu timamugulira nsapato. Koma apa kabokosi kamodzi pa tisanu tilitonse ndi kolakwika.

Tsopano yesani malire amodziamodzi, ndipo pa alionse mufunse mafunso awiri: munthu aona tingati, ndipo zolakwa zingati zidutsa osaonedwa? Zolakwa zonse ndi 21. Mukadula pa 0.80, munthu aona timabokosi 22 tokha, koma zolakwa 10 zidutsa. Mukadula pa 0.90, aona 52, zolakwa 4 n'kudutsa. Pa 0.95 aona 100, chidutsa chimodzi. Pa 0.98 aona 190, pafupifupi theka la mulu wonse, ndipo m'mayesowa palibe chodutsa.

Kuti muone bwino, werengani mtengo wa sitepe iliyonse. Kuchoka pa 0.90 kupita pa 0.95, mukuonjezera timabokosi 48 kuti mugwire zolakwa 3, ndiye kuti timabokosi 16 pa cholakwa chimodzi. Ngati kuona kabokosi kamodzi kumatenga masekondi 20, ndi mphindi zisanu ndi pang'ono. Kuchoka pa 0.95 kupita pa 0.98, mukuonjezera timabokosi 90 kuti mugwire cholakwa chimodzi, yomwe ndi theka la ola. Ndiye funso lenileni si lakuti "80 kapena 90" ayi. Funso ndi lakuti: kodi cholakwa chimodzi cha makilo chikuyenera theka la ola la kalaliki? Kusokoneza 110 ndi 170 pa mtengo wa 30 MT ndi 1800 MT. Theka la ola la kalaliki silifika pamenepo ngakhale pang'ono. Choncho pa makilo, ndalama zikuti kwezani malire.

Ndinene mosabisa, chifukwa ena amakhumudwa akafika apa: mukawerengera ndalama zokha, nthawi zambiri mupeza kuti kuona makilo onse n'kotchipa kuposa cholakwa chimodzi. Chimene chimatiletsa si malipiro a kalaliki, koma nthawi ndi kutopa kwa maso. Pa tsiku la malisiti 600, malire a 0.98 akutumiza timabokosi pafupifupi 285 kwa munthu, yomwe ndi ola limodzi ndi mphindi 35 pa makilo okha, foni ndi ndalama tisanaziwerenge, alimi ali panja kudikira malipiro dzuwa lisanalowe. Malire a 0.95 akutumiza 150, mphindi 50.

Apa m'pamene lamulo la masamu lija limabweza ngongole. Bwererani ku zolakwa 21 zija muone kuti ndi zingati zimene lamulo la makilo kuchulukitsa ndi mtengo likanazigwira lokha. Kawirikawiri ndi zambiri, chifukwa n'kovuta kuti makina alakwitse makilo ndi ndalama zonse m'njira yoti zigwirizanebe. Chotsani malisiti onse amene lamulolo lawakana, popeza amenewo akupita kale kwa munthu, ndipo muwerengenso magulu aja pa otsalawo. Mudzaona kuti pa malisiti amene masamu ake akugwirizana, malire akhoza kutsika ndithu popanda zolakwa kudutsa. Koma lamuloli limagwira ntchito pokhapokha ngati ndalama zonse zinawerengedwa pa pepala. Ngati tebulo lanu limadziwerengera lokha ndalamazo kuchokera ku makilo, zizigwirizana nthawi zonse, ndipo mukudzinamiza.

Chenjezo lina ndi la ziro uja wa pamwamba. Kupeza zolakwa 0 pa timabokosi 210 sikutanthauza kuti gululo sililakwa. Akatswiri a ziwerengero ali ndi kalamulo kosavuta: ukayesa zinthu zingapo osapezamo cholakwa, gawa 3 ndi kuchuluka kwa zimene wayesazo, ndipo yankho lake ndi pamene mlingo weniweni wa zolakwa ungafike, motsimikiza 95 pa 100. Apa 3 kugawa ndi 210 ndi pafupifupi chimodzi pa 70. Choncho chimene mayeso anu akulonjeza ndi chakuti zolakwa m'gululo sizikuposa chimodzi pa 70, osati kuti kulibe. Mukafuna kulonjeza akuluakulu a gulu kuti sizikuposa chimodzi pa 300, muyenera kuyesa timabokosi pafupifupi 900 ta m'gulu limenelo osapezamo cholakwa. Wina akakuuzani kuti anayesa malisiti 30 ndipo onse anali bwino, wangotsimikiza kuti zolakwa sizikuposa chimodzi pa 10.

Mukasankha malire, ayeseni pa malisiti ena amene sanali m'gulu loyamba, kaya 150 kapena 200. Malire osankhidwa pa mulu umodzi amaoneka okoma pa mulu womwewo kuposa mmene alili, monga telala woyesa malaya pa thupi lomwe anayezera. Ndipo ntchito yonseyi muibwereze pa kabokosi kalikonse kofunika payekha. Tebulo la makilo silinena kanthu za nambala ya foni.

Ngati muli ndi nthawi, gawaninso zolakwazo potsata kalaliki. Nthawi zina mupeza kuti theka la zolakwa zonse likuchokera m'dzanja la munthu mmodzi kapena pa foni imodzi ya kamera yokandika. Kumupempha kuti azidula 7 wake, kapena kusintha foniyo, kumachotsa zolakwa zambiri kuposa kukweza malire kwa anthu onse.

5. Lembani lamulo lonse pamalo amodzi

Zonse zija ziikeni mu mzere umodzi wonena kuti lisiti ionedwe kapena idutse. Ambiri kuno Excel yathu ndi ya Chipwitikizi, choncho ndilemba motero. Makilo ali mu C, mtengo mu D, ndalama zonse mu E, malikisi a makilo mu F:

```
=SE(OU(F2="";F2<0,95;ABS(C2*D2-E2)>1);"VER";"OK")
```

Mu Excel ya Chingerezi `SE` ndi `IF`, `OU` ndi `OR`, ndipo zizindikiro zolekanitsa ndi za desimo zimasintha. Nambala 1 yakumapetoyo ndi mpata wa metikali imodzi, chifukwa makalaliki amazunguliza masentavo. Ndi bwino kuonjezera mzere wina wonena chifukwa chimene lisiti yakanidwira, kaya malikisi otsika, kaya masamu osagwirizana, kaya kabokosi kopanda kanthu, kuti woona adziwe poyang'ana.

6. Konzani ntchito ya woona

Kusankha bwino timabokosi n'kopanda phindu ngati woonayo akungodina kuti zili bwino. Muonetseni kachidutswa ka chithunzi kokhala ndi kabokosiko pafupi ndi pamene alembe, asamachite kufufuza lisiti yonse. Pa timabokosi ta ndalama ndi foni, alembe yekha nambala osaona ya makina, kompyuta ndiyo ifananize. Chifukwa chake ndi chomwe anandiuza mayi aja. Ayambe ndi timabokosi ta mtengo waukulu maso akadali atsopano, ndipo azipuma, chifukwa pakatha ola diso limayamba kuvomereza chilichonse.

Mpatseninso njira yachitatu kupatula "zolondola" ndi "ndakonza", yonena kuti "sizikuwerengeka". Kope ya kaboni ikafufutika, munthu nayenso amangoganizira ngati makina. Lisiti yotero ipite kwa kalaliki amene anailemba, kapena mlimi aimbiridwe foni awerenge kope yake. Ndipo chilichonse chimene woona wakonza chisungidwe pamodzi ndi zimene makina analemba poyamba ndi malikisi ake. Musafufute zakalezo, chifukwa ndizo zidzakuthandizani poyesanso.

7. Muzisuzumira mwa zodutsa, ndipo muziyesanso zinthu zikasintha

Zimene woona amakonza zimakuuzani za timabokosi ta pansi pa malire tokha. Za pamwamba pa malire simumva kanthu mpaka mlimi atafika pa ofesi ndi lisiti m'manja. Choncho tsiku lililonse tengani lisiti imodzi pa 20 zilizonse zodutsa, mwachisawawa, muisakanize mu mulu wa woona osamuuza kuti iyi inadutsa kale. Pa chitsanzo chathu cha malisiti 600 ndi malire a 0.95, zodutsa ndi 450, ndiye mukuonjezera malisiti 22 kapena 23 patsiku, opitirira 100 pa sabata. Mayeso anu ankati cholakwa chimodzi pa 300. Mukapeza zitatu kapena zinayi m'sabata imodzi, china chake chasintha, ndipo musadikire mwezi kuti uthe: kwezani malire lero lomwe, kenako mufufuze.

Zosintha zake nthawi zambiri ndi zooneka ndi maso. Mwasindikiza buku latsopano la malisiti ndipo kabokosi ka makilo kasuntha. Mwalemba makalaliki atsopano a nyengo yokolola. Mwatsegula malo ogulira pafupi ndi Kalomwe kapena Zobwe kumene kalembedwe ka tsidya lina kachuluka, ndipo ena akulemba mitengo ya makwacha m'mphepete mwa lisiti. Kapena eni pulogalamu atulutsa mtundu watsopano, umene ukhoza kuwerenga bwino kuposa wakale koma malikisi ake n'kumayenda mosiyana, moti 0.95 wa lero si 0.95 wa mwezi watha. Ngati pulogalamu yanu imalola kusankha mtundu woti muzigwiritsa ntchito, sankhani umodzi n'kuulemba pamwamba pa tebulo la malire pamodzi ndi deti limene munayesa.

Chizindikiro china chimene mungachione popanda kuyesa chilichonse ndi kuchuluka kwa malisiti opita kwa munthu. Ngati masiku onse imakhala imodzi pa zinayi, lero n'kukhala theka, kaoneni zithunzi za lero. Mwina wina wajambula mumdima. Ikatsika mwadzidzidzi kufika pafupi ndi ziro, musasangalale msanga: tsegulani tebulo muone ngati mzere wa malikisi ukadali ndi manambala, ndiponso ngati akadali a 0 mpaka 1. Malisiti 400 oyesera aja asungeni mu foda yawoyawo pamodzi ndi mayankho ake olembedwa ndi munthu, kuti pulogalamu ikasintha mungowadutsitsamo kachiwiri n'kuwerenganso magulu asanu aja, ntchito ya madzulo amodzi.